Nambala 7 imene inawerengedwa ngati 1 pa invoisi ya penti

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Ndikufuna ndikufotokozereni zimene anachita mtsikana amene timagwira naye ntchito yosunga mabuku, chifukwa njira yake ingathandize ena muno. Ife timagulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Limbe. Ma invoisi ochokera kwa otigulitsa katundu timawasikana, ndiye pulogalamu imawerenga dzina la kampani, nambala ya invoisi, tsiku ndi mtengo wa katundu msonkho usanaikidwe. VAT imadziwerengera yokha kuchokera pa mtengowo. Nthawi imeneyo VAT inali pa 16.5 peresenti. Munthu amangoyang'ana pa kompyuta n'kuvomereza.

Tsiku lotseka mabuku a mwezi, masana, mtsikanayu anaimbira foni kampani imene imatigulitsa penti kufunsa kuti ngongole yathu kwa iwo yafika pati. Sitetimenti yawo yonse imabwera mwezi wina utayamba kale, ife titatseka, choncho anangomupatsa chiwerengero chimodzi: K8,650,300. Leja yathu inkasonyeza K6,451,300. Kusiyana kwake K2,199,000. Anakumbukira kuti pa 28 tinawatumizira K1,500,000, ndipo atafunsa anamuuza kuti anali asanailowetse m'mabuku awo. Itachotsedwa imeneyo panatsala K699,000 yosadziwika kochokera. Thirayo balansi inali itagwirizana bwinobwino, akaunti ya kubanki chimodzimodzi. Ndisanapitirize, inuyo mukanayambira pati?

Phiri wa ku Area 25: Gawani ndi 9, mayi. Kusiyana kukagawika ndi 9 popanda chotsala ndiye kuti wina anatembenuza manambala, 54 kulemba 45. Lamulo limeneli silinandinamizepo.

Wophunzira wa ICAM: Ndayesa, bambo Phiri. 699,000 sikugawika ndi 9, kukutsala zidutswa.

Phiri wa ku Area 25: Ndiye kuti si vuto la kulemba nambala. Pali invoisi imene simunailowetse, yang'anani m'madirowa.

Odita wa ku Zomba: Achimwene, mwalondola theka. Lamulo la 9 limagwira manambala awiri akasinthana malo, kapena ziro akawonjezeka kapena kusowa kumapeto. Limenelo ndi vuto la zala za munthu wotaipa. Makina owerenga pepala sasinthanitsa malo a manambala kawirikawiri, iwo amaona nambala ina m'malo mwa ina, ndipo kusiyana kobwera motero kulibe chifukwa chogawikira ndi 9. Choncho kukanika kwa 9 sikukutiuza kuti manambala onse ali bwino. Koma za invoisi yosowa mwanena zoona, inenso ndikanayamba kufufuza zimenezo.

Mayi a Chisomo: Kapena ndi msonkho umene munadula polipira? Ife zimatichitikira. Timadula 3 peresenti kupita ku MRA, koma wotigulitsa uja amalowetsa ndalama yokhayo imene yafika ku banki yake, ndiye ngongole imaoneka ngati ikadalipo mpaka titamutumizira satifiketi.

Nabanda: Achemwali, zimenezo anaziganizanso koma anazisiya msanga. Kuti 3 peresenti ikwane K699,000 tikanayenera kukhala titawalipira ndalama zoposa K23 miliyoni, pamene ngongole yonse sinafike ndi K9 miliyoni yomwe. Komanso kampaniyi ili ndi satifiketi yoti tisamaidule.

Za invoisi yosowa anapita kusitolo kukatenga buku la GRN, lija amalembamo katundu akalandiridwa. GRN iliyonse ya kampani ya penti inali ndi invoisi yake m'leja. Panalibe katundu amene analowa pageti popanda pepala.

Tsono apa ndi pamene anandisangalatsa. Anaganiza kuti popeza pulogalamu yathu imawerengera yokha VAT, mtengo ukalakwika VAT nayonso imalakwika motsatira, ndiye kuti kusiyana kwa K699,000 kuli ndi VAT m'kati mwake. Anagawa 699,000 ndi 1.165. Yankho linali 600,000 ndendende, popanda ndi tambala yomwe yotsala.

Wophunzira wa ICAM: Pepani mayi, sindinamvetse. Nanga 600,000 ikutiuza chiyani?

Nabanda: Dikira, mwana wanga, ndamulowetsa mwiniwake pagulu pano kuti afotokoze yekha.

Nachisale: Zikomo mayi, moni kwa akuluakulu nonse. Ndinaganiza motere. Chiwerengero ngati 600,000 chili ndi nambala imodzi yokha kutsogolo, zotsatira zonse ndi maziro. Nambala imodzi ikawerengedwa molakwa pa mtengo, kusiyana kumaoneka choncho, chifukwa manambala ena onse ali bwino ndipo pochotsera amafafanizana. Maziro asanu akusonyeza malo amene pali vutolo, malo a mahandiredi sauzande. Ndipo 6 akusonyeza kutalikirana kwa nambala yoona ndi imene makina anaona. Popeza leja yathu ndi imene inali yotsika, nambala yoona ndi yathu kuphatikiza 6. Zotheka ndi zinayi zokha: 0 m'malo mwa 6, 1 m'malo mwa 7, 2 m'malo mwa 8, kapena 3 m'malo mwa 9.

Ma invoisi osalipidwa a kampaniyi analipo 31, ambiri ang'onoang'ono a mabulashi ndi thina osafika K100,000. Ndinawasanja mu Excel potengera mtengo wopanda VAT, n'kusankha okhawo amene pa malo aja panali 0, 1, 2 kapena 3. Anatsala 8. Ndinayamba ndi amene anali ndi 1, chifukwa 7 ndi 1 ndi amene amafanana kwambiri pepala likakhala losaoneka bwino. Ndinakatenga mapepala enieniwo mu fayilo, osati zithunzi za pa kompyuta.

Inapezeka ya zigubu 60 za penti. M'leja munali K1,140,000, VAT K188,100, zonse pamodzi K1,328,100. Pa pepala panali K1,740,000, VAT K287,100, zonse pamodzi K2,027,100. Mukachotsera 1,328,100 pa 2,027,100 mupeza 699,000 yemwe uja.

Odita wa ku Zomba: Wachita bwino, mwana wanga. Ndifunseko, unatsimikiza bwanji kuti pa pepalapo ndi 7? Makina akasokonezeka nthawi zambiri diso la munthu nalonso limakayika pamalo omwewo.

Nachisale: Zoona bambo, ndi diso lokha sindikanalimba mtima. Invoisiyo inali kope ya kaboni yochokera pa pulinta ya madontho ija, inki yake yofooka, ndipo chidindo cha kusitolo cholandirira katundu chinagwera pamutu penipeni pa 7. Kamzere kapamwamba kanamira mu inki ya chidindo, kunatsala kamwendo kokha. Ndinatsimikiza ndi zinthu ziwiri za pa pepala lomwelo. Mzere wa katundu unkati zigubu 60 pa K29,000 chimodzi, zimene zikupereka K1,740,000, ndipo LPO yathu, chikalata chimene tinaitanitsira katunduyo, inalinso ndi mtengo womwewo. Kenako VAT yosindikizidwa, K287,100, mukaigawa ndi 0.165 ikubwezerani pa 1,740,000. Ndiye ngakhale 7 akanafufutika yense, pepala linali likunena lokha mtengo wake.

Phiri wa ku Area 25: Koma amene anavomereza pa kompyuta uja sanaone? K600,000 si ndalama yoti n'kudutsa pamaso pa munthu osaphethira.

Nabanda: Bambo Phiri, chimene anali kuona ndi chithunzi kumanzere, nambala kumanja. Pa chithunzipo, chosikanidwa chakuda ndi choyera, 7 uja ankaonekadi ngati 1. Ndayang'ana ndekha. Ndiponso 1,140,000 mukaigawa ndi zigubu 60 ikupereka K19,000 chimodzi, mtengo woti munthu wosagula penti tsiku ndi tsiku sangadabwe nawo. Nchifukwa chake sindikufuna kuti nkhaniyi ikhale yoloza chala munthu. Vuto linali pa kakonzedwe kathu: pa pepala pali manambala atatu otsimikizirana okha, mtengo, VAT ndi zonse pamodzi, koma ife tinkatolapo imodzi yokha, ziwiri zinazo n'kuzipanga tokha kuchokera pa imodziyo. Yoyamba ikalakwika, zonse zitatu zimalakwika mogwirizana, ndipo palibe chimene chimakuchenjeza.

Mwini shopu ku Mchesi: Ine ndikuona ngati pamenepa pali kuba. Wina amafuna adye K699,000 imeneyo. Kwanga mnyamata wina ankasintha manambala pa malisiti ndi cholembera, 1 kumusandutsa 7, yotsalayo n'kuika m'thumba. Muwafufuze bwino antchito anuwo, mayi.

Odita wa ku Zomba: Bambo, zimene zinakuchitikiranizo zimachitikadi, koma onani mbali imene nambala yapita. Mnyamata wanu ankakweza mtengo kuti ndalama yotuluka ichuluke. Apa mtengo unatsika, kutanthauza kuti kampani ikanalipira zochepa kuposa ngongole yake. Palibe ndalama yotuluka yoti munthu atolepo. Chikanachitika n'choti a penti akanalandira ndalama yoperewera, n'kuyamba kuimba mafoni, mwinanso kuimitsa katundu. Mbali yoopsa ndi inayo, makina akawerenga 1 ngati 7. Pamenepo mumalipira zochuluka, ndipo si aliyense wolandira zochuluka amene amaimba foni kukuuzani.

Wophunzira wa ICAM: Funso langa ndi la thirayo balansi. Kusukulu amatiuza kuti ikagwirizana ndiye kuti tayenda bwino. Apa inagwirizana bwanji pali cholakwika chachikulu chonchi?

Nabanda: Imagwirizana chifukwa mbali zonse ziwiri zinalakwika mofanana. Ku debiti kunalowa zogula K1,140,000 ndi VAT K188,100, ku kirediti kunalowa ngongole K1,328,100. Masamu ake ndi olondola, koma si zimene zili pa pepala. Thirayo balansi imangokuuza kuti debiti ndi kirediti zikufanana. Kubanki nakonso kunalibe chooneka chifukwa invoisiyo inali isanalipidwe. Cholakwika chotere chimagwidwa ndi chinthu chochokera kunja kwa mabuku ako: chiwerengero cha wokugulitsa, LPO, GRN, kapena pepala lenilenilo.

Tikanatseka choncho, zogula zikanachepa ndi K600,000, ndipo popeza katundu wotsala timamuwerengera pa mtengo wa pa LPO, phindu la mweziwo likanaoneka lokwera ndi K600,000 yomweyo. Ngongole ikanachepa ndi K699,000. Ndipo pa fomu ya VAT imene timapereka ku MRA pofika pa 25 mwezi wotsatira, VAT ya zogula ikanachepa ndi K99,000, ndiye kuti tikanalipira msonkho woposa umene timayenera.

Achimwene a ku Kanengo: Kwathu zikanaipa kuposa pamenepo. Pulogalamu yathu imatenga mtengo wa pa invoisi n'kuugawa ndi kuchuluka kwa katundu kuti ipeze mtengo wa chimodzi, ndipo a pakauntala amaikapo 25 peresenti pamwamba. Chigubu chikanalowa pa K19,000, n'kumagulitsidwa K23,750, pamene tinachigula K29,000. Chilichonse chotuluka pakhomo tikanaluza K5,250 VAT tisanaiwerengere, lipoti likusonyeza kuti tikupindula.

Koma ine ndili ndi nkhani ina yofananako. Kumene ndinkagwira kale makina sanalakwitse mtengo, analakwitsa nambala ya invoisi. Invoisi imodzi inabwera kawiri, koyamba pa imelo, kachiwiri pepala lobwera ndi dalaivala. Ya pa imelo inawerengedwa bwino, 5083. Ya pepala inali yopindika pakati, 8 anawerengedwa ngati 3, inalowa ngati 5033. Pulogalamu imakana invoisi yobwereza pokhapokha nambala zikafanana, choncho zonse ziwiri zinadutsa ndipo zinalipidwa. Njira ya achemwali a Nachisale ikanagwira imeneyi?

Nachisale: Ayi achimwene, singagwire. Kusiyana kwake kukanakhala mtengo wonse wa invoisiyo, osati nambala imodzi ndi maziro. Koma chizindikiro chake chiliponso: leja yanu ndi imene ikanakhala yokwera, ndipo mukanapeza kuti kusiyanako kukufanana ndendende ndi invoisi ina imene ili kale m'leja. Pamenepo mumasanja potengera kampani, tsiku ndi mtengo, osati nambala ya invoisi.

Achimwene a ku Kanengo: Zikalipidwa zonse ziwiri leja imabwerera pa ziro, mlongo wanga. Palibe chimene chimaoneka kwathu. Zinadziwika patapita miyezi, a kampani ija atatumiza sitetimenti yosonyeza kuti ali ndi ndalama yathu.

Nachisale: Mwanena zoona, ndinaganizira zisanalipidwe. Zikalipidwa ndiye kuti sitetimenti yokha ndi imene ingaulule.

Odita wa ku Zomba: Ndiwonjezere malire a njira ya maziroyi, kuti achinyamata asaitenge ngati yothetsa zonse. Imagwira cholakwika chikakhala chimodzi, ndipo mutachotsa kale zonse zodziwika, monga K1,500,000 ija. Zikakhala ziwiri, mwachitsanzo 7 wowerengedwa molakwa apa ndi kirediti noti yosalowetsedwa apo, kusiyana kumakhala kosakanikira ndipo simungaone maziro. Komanso kugawa ndi 1.165 kunathandiza chifukwa cha mmene pulogalamu ya kwa mayi Nabanda imagwirira ntchito. Ngati yanu imawerenga chiwerengero chomaliza, cha zonse pamodzi, ndiye kuti kusiyana kwenikweniko ndi kumene kudzakhale ndi maziro, osagawa ndi kalikonse. Yesani zonse ziwiri. Ndipo gwiritsani ntchito peresenti ya VAT imene yasindikizidwa pa invoisiyo, osati imene muli nayo m'mutu.

Mayi a Chisomo: Tsono munakonza bwanji? Ine ndikanangotsegula invoisiyo m'kompyuta, kufufuta 1, kulemba 7, basi. Mwezi sunatsekedwe, invoisi sinalipidwe, palibe chovuta.

Nabanda: Ife tinabweza. Tinalowetsa chofafaniza cha K1,328,100 pa tsiku lomwelo la invoisi, kenako tinalowetsa invoisiyo mwatsopano ndi K2,027,100, n'kulembapo chifukwa chake. Pepala tinalisikananso bwino, kope ya LPO ndi GRN tinaziphatika pamodzi, ine n'kusainira.

Mayi a Chisomo: Koma mwatero mwadzaza leja ndi mizere itatu pa invoisi imodzi. Mwezi wamawa munthu wofananitsa ndi sitetimenti adzasokonezeka nayo. Pulogalamu zambiri zimasunga mbiri ya amene wasintha ndi nthawi yake, nanga kubweza n'kwa chiyani?

Odita wa ku Zomba: Achemwali, mbiri imeneyo ikakhala yoyatsidwa, ndipo aliyense akamalowa ndi dzina lake, sindingakutsutseni kwambiri. Koma m'maofesi ambiri amene ndimayendamo anthu anayi amalowa ndi pasiwedi imodzi. Pamenepo mbiri imangonena kuti wina anakweza ngongole ndi K699,000 madzulo a tsiku lotseka, osanena kuti ndani. Ine ndikaona zotero ndimayamba kufunsa mafunso ambiri. Mizere itatu yokhala ndi chifukwa cholembedwa imandipulumutsa ku zimenezo.

Mayi a Chisomo: Kwathu aliyense ali ndi pasiwedi yake. Ndipitiriza kusintha pomwepo bola mwezi usanatsekedwe. Ukatsekedwa ndiye inde, ndimakonzera mwezi wotsatira, sinditsegulanso wakale.

Phiri wa ku Area 25: Ine maganizo anga ndi oti musiye kusikana. Kale tinkataipa ndi manja ndipo zoterezi kunalibe.

Achimwene a ku Kanengo: Zinaliko bambo, n'chifukwa chake lamulo lanu la 9 lija linabadwa. Munthu wotopa amatembenuza manambala, makina amasokoneza ofanana maonekedwe. Ine ndaona 3 ndi 8, 5 ndi 6, 0 ndi 8, ndiponso chizindikiro cha koma cholekanitsa masauzande chikuwerengedwa ngati dontho.

Phiri wa ku Area 25: Komabe munthu wogwira pepala m'manja akanaona kuti chidindo chaphimba nambala. Pa chithunzi sungapendeketse pepala kuti uone bwino.

Nabanda: Pamenepo ndikugwirizana nanu, ndipo ndi chimodzi mwa zimene tasintha. Sikana yathu inali pa 150 dpi, chakuda ndi choyera chokhachokha, kuti mafayilo akhale ang'onoang'ono. Ikakhala choncho kadontho kalikonse kamasanduka kakuda kapena koyera, ndiye inki ya chidindo ndi inki ya nambala zimakhala chinthu chimodzi. Tsopano tili pa 300 dpi ndipo timasankha Grayscale, kotero nambala imaonekabe pansi pa chidindo. A kusitolo tawapempha kuti azidinda kumbuyo kwa invoisi. Makope a kaboni ndi malisiti a pepala lofufutika lija, wovomereza azikhala nalo pepala lenilenilo pa tebulo.

Chachikulu n'choti pulogalamu tsopano ikutola manambala onse atatu payokhapayokha. Tisanalowetse m'leja, Nachisale amawatulutsira mu Excel, mtengo mu B, VAT yosindikizidwa mu C, zonse pamodzi mu D, n'kuika izi:

```
=IF(ABS(B2+C2-D2)>1,"ONANI","")
=IF(ABS(ROUND(B2*0.165,2)-C2)>1,"ONANI","")
```

Pa invoisi ya penti ija mzere woyamba ukanapeza kuti 1,140,000 kuphatikiza 287,100 sikukwana 2,027,100, ndipo ukanalemba ONANI tsiku lomwe inasikanidwa. Pomwe pali 0.165 mumaika peresenti imene ikugwira ntchito pa nthawiyo.

Wophunzira wa ICAM: Nanga 1 ali kumapetoyo ndi wa chiyani?

Nachisale: Ndi kwacha imodzi yololera. Makampani ena amawerengera VAT mzere ndi mzere n'kuphatikiza, ena amawerengera pa chiwerengero chonse, ndiye pamakhala kusiyana kwa matambala. Popanda kulolera kumeneko pafupifupi theka la tsamba likanakhala ONANI.

Mayi a Chisomo: Mzere wachiwiriwo kwathu sungathandize. Timagula zakudya, ndipo invoisi imodzi imakhala ndi katundu wa VAT ndi wina wopanda VAT. Iliyonse idzalemba ONANI, ndipo pakatha sabata anthu adzasiya kuyang'ana.

Nabanda: Kwa inu gwiritsani woyamba wokha, uja wophatikiza. Sudalira peresenti. Ife wachiwiri umatithandiza chifukwa katundu wathu pafupifupi yense ndi wa VAT.

Odita wa ku Zomba: Woyambawo uli ndi kabowo kamodzi. Mtengo ndi chiwerengero chomaliza zikalakwika mofanana, monga mzere wopindika ukadutsa manambala onse awiri pa malo amodzi, kuphatikiza kumagwirizanabe. Sizichitika kawirikawiri koma ndinazionapo pa mapepala opindidwa m'litali. Kwa mayi a Chisomo ndikanati invoisi iliyonse yopitirira malire amene mungagwirizane ifananitsidwe ndi LPO isanavomerezedwe.

Achimwene a ku Kanengo: Malire ake angakhale angati? Ife tinaika K500,000 koma ma invoisi opitirira pamenepo achuluka kwambiri moti sitikuwamaliza.

Odita wa ku Zomba: Palibe chiwerengero chimodzi choyenera aliyense. Koma samalani ndi chinthu ichi: malirewo amayang'ana mtengo umene makina awerenga. Invoisi ya K740,000 ikawerengedwa K140,000 imagwera pansi pa malire anu, ndipo palibe amene adzaiyang'ane. Ikani malire pa mtengo wa pa LPO.

Achimwene a ku Kanengo: Vuto ndi loti si zonse timagula ndi LPO. Za mwadzidzidzi abwana amangoimba foni katundu n'kubwera.

Nabanda: Ifenso zimenezo zilipo ndipo sitinapeze yankho lake. Pakadali pano Nachisale akuimbira makampani khumi amene timagulako kwambiri masiku awiri tisanatseke, kufunsa chiwerengero cha ngongole. Awiri mwa iwo amakana kunena pafoni, akuti tidikire sitetimenti. Amene muli ndi kalata yopempherera chiwerengerochi imene makampani amaiyankha msanga, tithandizeni nayo.

Odita wa ku Zomba: Ndili nayo, mayi, nditumiza mawa ndikafika ku ofesi. Muziwapempha kuti alembenso tsiku limene chiwerengerocho chikuthera ndi malipiro omaliza amene alowetsa, kuti musamavutikenso kufufuza ndalama zimene zikadali m'njira.